Ndisanakwere Minibasi ya ku Limbe

Pa esiteti ya tiyi munthu safunsa kuti adzalandira zingati. Amafunsa giredi. Ukangomva giredi wadziwa zonse: ndalama zake, nyumba ya zipinda zingati, ngati mpopi uli pakhomo kapena udzikatunga madzi limodzi ndi a pa laini ya antchito wamba, ndiponso ngati thirakitala ya nkhuni idzaima pakhomo pako kapena idzangokudutsa. Ine ndinakulira m'dongosolo limenelo. Pofika chaka cha 2004 ndinali nditagwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale imodzi, ndipo nkhani ya ndalama ndinkadziwa kuiyendetsa m'njira ziwiri zokha: kukhala chete mwezi wonse, kapena kukamenya chibakera pa windo la kalaliki wa malipiro ovataimu ikasowa pa pepala. Njira yachitatu palibe anandiphunzitsa.

Ndinali kalaliki wamkulu wa kumbali yotumiza tiyi. Matumba akasokedwa ndi kudindidwa, ine ndiye ndinkawerenga, kulemba mapepala ndi kukweza m'malole opita ku Limbe, kumene tiyi amasungidwa podikira okushoni. Ntchitoyo ndinkaidziwa. Mtima wanga nawo anthu ankaudziwa. Sindinena kuti ndinali munthu woipa, koma dalaivala akabwera ndi tenti yobooka nthawi ya dzinja ankamva mawu anga asanatsike m'lole.

Mu Januwale chaka chimenecho ndinaona chilengezo m'nyuzipepala imene wina anakulungira nsomba zouma. Kampani ina yosunga tiyi ku Limbe inkafuna woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Dzina la kampaniyo silinalembedwe. Makalata ankapita ku ofesi ina ya ku Blantyre imene ntchito yake ndi kupezera makampani antchito. Za malipiro analemba mawu awiri okha a Chingerezi, otanthauza kuti ndi osangalatsa. Osangalatsa kwa yani, sananene. Ndinalemba kalata Lamlungu, n'kukaiponya ku positi ofesi ya ku Goliati, osati ya pafupi ndi ife, chifukwa mesenjala wa pa esiteti ankadziwa zilembo za aliyense.

Mantha anga anali ndi mutu wake. Bwana manijala wa fakitale ankati munthu wofunsira ntchito kwina ndi mkazi amene wayamba kale kumanga mitolo. Ndipo mabwana a tiyi onse amadziwana. Amakumana ku kalabu kumapeto kwa sabata, nkhani n'kudutsana ndi mabotolo. Chaka chapitacho makaniko wathu wina anapita ku intaviyu osapambana. Sanamuchotse ntchito ayi. Anangomusamutsira ku divishoni ya kutali cha ku Mphuka kuti adzikakonza mapampu, nyumba yake ya njerwa n'kupatsidwa wina. Ine ndinali ndi nyumba yotero, ya zipinda zitatu, ana anayi ali pa sukulu, ndi kadimba kuseri kumene mayi a kunyumba ankadzala mpiru. Kupita ku intaviyu kunali kuika zonsezo pa njuga. Komanso Febuluwale ndi mwezi umene tiyi amaphuka ngati wapenga. Tchuthi sichiperekedwa. Amene akufuna tsiku amapha munthu kumudzi ndi pakamwa, n'kukanena za maliro kwa bwana ndi nkhope yogwa.

Foni inalira Lolemba m'mawa ndikukweza lole yachiwiri. Ndinali nditangogula foni ya m'manja, yolemera ngati theka la njerwa, ndipo netiweki pa fakitale inkagwira malo amodzi okha, kuseri kwa milu ya nkhuni za bulugamu zoyatsira boila. Ndinathamangira kumeneko ndikanatukwanabe mnyamata amene anagwetsa thumba m'matope.

"Halo, ndani?" Ndinayankha ngati ndikufunsa wakuba.

"Mwadzuka bwanji, bambo. Ndikuimba kuchokera ku ofesi imene munatumizako kalata yofunsira ntchito. Muli pamalo oti tingalankhule mphindi zitatu?"

Anali mayi, mawu ake ozizira bwino, osathamanga. Ndinavula chipewa, ngakhale kunalibe wondiona. Anandifunsa kuti ndagwira zaka zingati, ndimayang'anira anthu angati, ngati ndinagwirapo kompyuta, ndiponso kuti notisi ya kuntchito kwanga ndi ya masiku angati. Ndinayankha zonse. Za kompyuta ndinati ndimaiona tsiku lililonse, zimene sizinali bodza.

"Chabwino. Eni ntchito akufuna kuona anthu anayi Lachinayi, naini koloko, ku Limbe. Ndikufuna ndikuikeni pa anayiwo. Muli ndi funso lililonse?"

Funso ndinali nalo, linali pakhosi penipeni. Koma ndinkalimva m'mene likanatulukira: mulipira zingati? Mawu omwewo amene ndimalankhulira pa windo lija. Ndinaona mayiyo akukhwatcha dzina langa, n'kulemba pambali kuti wadyera. Kwathu munthu ukapita kukapempha ganyu suyamba ndi mtengo. Umayamba waona munda.

"Ayi, palibe," ndinatero.

"Ndiye ndidzaimbanso mawa teni koloko kuti munditsimikizire ngati mwapeza mpata. Mukavomera ndidzatumiza mapepala anu kwa eni ake masana omwewo."

Ndinabwerera ku lole kuja nditakwiya ndi munthu amene sindikanatha kumukalipira, ine ndemwe. Amene analawa mkwiyowo ndi dalaivala, wosalakwa.

Madzulo ndinapeza mayi a kunyumba ali pakhonde, akusanja nthochi. Ankagula mikoko kwa alimi a ku Chimaliro n'kumagulitsa kwa amayi obwera ndi madengu kuchokera m'tauni. Sukulu analekera sitandade eyiti, koma pa malonda sindinaonepo munthu atawapusitsa. Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi pulani yanga: ndikauza bwana kuti amalume a ku Chimaliro atisiya, maliro Lachinayi.

"Amalume ake ati? Aja munawaika chaka chatha?"

"Ena."

"Atsala amodzi, ndipo ndawaona Lachisanu akupalasa njinga. Musiyeni munthu adye chimanga chake." Anabudula nthochi yakupsa kwambiri n'kuiponya m'beseni. "Nanga ndalama zake ndi zingati, kuti tiphere munthu?"

"Sananene."

"Munafunsa?"

"Safunsa zimenezo pa foni yoyamba. Simukudziwa za maofesi inu."

"Za maofesi sindizidziwa. Koma sindinakwerepo matola kupita ku Chimaliro ndisakudziwa kuti mkoko ukuyenda bwanji sabata imeneyo. Inu abambo, munthu woopedwa fakitale yonse, mwaopa mayi wa pa foni?"

Ndinaimirira. Ndinati ngati akufuna chipongwe anene, ndipite ndikakhale kwa anzanga. Iwo sanadzutse n'komwe mutu. Zaka makumi awiri za ukwati zinawaphunzitsa kuti mkwiyo wanga ndi moto wa mapesi. Nditazungulira nyumba kamodzi ndinabwerera n'kukhala pa mpando womwewo.

"Tayesani," anatero. "Ine ndine mayiyo. Funsani."

"Malipiro ake ndi zingati?"

"Mwalephera. Mwandiloza ndi chala. Funsaninso."

"Pepani madamu, ndimati mwina, ngati n'kotheka, kapena mwina..."

"Apa ndiye mwasanduka wopempha mchere. Ndikuuzani kuti tidzakambirana mukabwera, inu n'kunena kuti zikomo."

Kenako anandiuza m'mene amachitira iwo akakumana ndi mlimi wosamudziwa. Sayamba ndi mtengo, komanso sachedwa nawo. Amayamikira kaye nthochizo ngati zilidi zabwino. Kenako amanena chifukwa chake akufunsa: ndachokera kutali, galimoto ndi ya hayala, ndisakutayitseni nthawi. Ndipo safunsa mtengo umodzi, chifukwa mlimi akatchula mtengo umodzi wadzimanga, ndiye amazemba. Amafunsa kuti mikoko yanu imayambira pati, imalekezera pati. Funso lotero munthu amayankha mosavuta, chifukwa mwamusiyira pothawira.

"Akakubwezerani funso, kuti inu muli ndi zingati, musafulumire kutsegula chikwama," anawonjezera. "Ndipo mukafunsa mutseke pakamwa. Vuto lanu mumafunsa n'kudziyankha nokha."

Ndinalemba mawuwo kuseri kwa khadi lakale la sitoko. Ndinachita manyazi polemba, bambo wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wa satifiketi ya fomu folo, kulemba chiganizo ngati mwana wokalakatula pa asembule.

Mawa lake kunagwa mvula yamvumbi. Teni koloko isanakwane ndinali kale kuseri kwa nkhuni zija, thumba la pulasitiki kumutu, khadi m'dzanja. Mayi uja anaimba itadutsa teni ndi mphindi zisanu.

"Bambo, mwapeza mpata wa Lachinayi?"

"Mayi, zikomo poimbanso. Ntchitoyi ndaikonda, ndipo ndikuona kuti ndingaithe, chifukwa tiyi amene amafika kumeneko amadutsa m'manja mwanga kuno. Koma ndisanayankhe ndili ndi funso limodzi, mukandilola."

"Funsani."

"Kuno ino ndi nyengo yothyola, ndipo kuchoka tsiku limodzi si chinthu chaching'ono. Sindikufuna kutaya nthawi ya eni ntchito, kapena yanu. Kodi mungandiuzeko kuti malipiro amene akonzera ntchitoyi akuyambira pati ndipo akulekezera pati?"

Ndinatseka pakamwa. Mvula inkagogoda pa pulasitiki paja. Ndikuganiza kuti panadutsa masekondi atatu okha, koma ndinali nditayamba kale kukonza mawu opepesa.

"Funso labwino," anatero. "Koma mwina tiyambe ndi inu. Panopa mukulandira zingati?"

Apa magazi anakwera. Ndafunsa ine, mwaulemu wonse umene ndinagona ndikuloweza, ndiye andibwezera? Mawu anafika pamilomo akuti mayi, ndayamba kufunsa ndine. Ndinaluma khadi lija, zenizeni, mano anasiya zizindikiro.

Chimene chinandiletsa si ulemu wokha. Ndinazindikira kuti ndikatchula nambala ya pa pepala langa la malipiro ndadzigulitsa motchipa. Pepalalo linkati K9,500. Munthu wa m'tauni akamva nambala imeneyo amaganiza kuti akakuwonjezera zikwi ziwiri wakutulutsa mu ukapolo. Sadziwa kuti pa esiteti theka la malipiro sililembedwa. Anzanga ambiri anagwa m'dzenje limeneli: amatchula za pa pepala, amapatsidwa zochulukirapo pang'ono, amapita akuvina, mwezi wachitatu n'kubwera kudzapempha malo awo akale.

"Mayi, ndikhoza kukuuzani, si chinsinsi. Koma nambalayo ikunamizani. Kuno nyumba sindilipira, madzi sindilipira, nkhuni amanditulira pakhomo, mwana akadwala chipatala ndi cha kampani. Zonsezo pa pepala palibe. N'chifukwa chake ndimati ndimve kaye za kumeneko, ndiziyeze ndekha, ndikuuzeni zoona."

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wamva chinthu chimene amachidziwa kale.

"Anthu a ku esiteti mumandivuta pamenepo. Chabwino. Eni ake andipatsa malire. Akuyambira K14,000, kulekezera K18,000 pa mwezi, msonkho usanachotsedwe."

Nambala yapamwambayo inali pafupifupi malipiro anga kawiri. Ndikanakhala amene ndinali dzulo lake ndikanati ndikubwera, n'kudula foni. Koma poti khomo linali litatseguka, ndinalowetsa phazi lachiwiri.

"Pamwamba pa zimenezo pali nyumba, kapena ndalama ya nyumba?"

"Ayi. Zonse zili momwemo. Chithandizo cha kuchipatala chimayamba mukatha miyezi itatu yoyesedwa."

"Ndipo munthu ngati ine, mwaona mapepala anga, angagwere pati pakati pa nambala ziwirizo?"

Ndinamva akutembenuza mapepala.

"Sindingalonjeze, chifukwa womaliza ndi eni ake. Koma ndisakunamizeni. Yapamwambayo asungira munthu wa dipuloma amene amadziwa kompyuta. Inu zaka muli nazo zambiri, koma ndikuona kuti angakuyambitseni cha pa K15,000."

Mawu akuti dipuloma anandiwotcha kuposa china chilichonse. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, palibe thumba limodzi linasowapo m'manja mwanga, ndiye kapepala ka miyezi ingapo kandipose ndi zikwi zitatu? Ndinayamba ndithu: "Mayi, dipuloma imeneyo imadziwa kununkhiza thumba lonyowa?" Ndinadzimva mawu akukwera, ndipo ndinaima pakati. Mayiyo sanalembe malamulowo. Anangondichitira chilungamo chimene akanatha kundibisira.

"Pepani. Mkwiyowo si wanu."

"Ndazolowera," anatero. "Ena amatukwana asanapereke moni."

Ndinapempha kuti andipatse mpaka wani koloko, ndipo asatumize kaye mapepala anga. Anavomera. Anati iyenso zimamuthandiza munthu akafunsa msanga, chifukwa ofesi yawo imalipidwa ndi kampani yolemba ntchito, ndipo munthu amene amupereka akathawa miyezi itatu isanathe amayenera kupeza wina popanda kulipidwanso.

Nthawi ya nkhomaliro sindinapite kunyumba. Ndinakhala pa matumba opanda kanthu ndi dalaivala uja ndinamukalipira dzulo lake, Msilamu wa ku Goliati amene anakhalapo ku Bangwe zaka zisanu. Ndinamugulira tiyi ndi sikono, ndiko kunali kupepesa kwanga, iye anamva. Ndinamufunsa ngati nkhani wamba kuti nyumba ya zipinda zitatu kumeneko ikuyenda bwanji.

"Achimwene, mukufuna kutithawa?"

"Ndikufunsira mlamu wanga."

"Mlamu wanuyo ali ndi ana anayi ngati inu?" Anaseka, n'kuviika sikono. "Muuzeni akonze zikwi zinayi, ya chimbudzi chogawana. Madzi ogula pa ndowa. Makala thumba silitha mwezi. Minibasi m'mawa ndi madzulo. Kumeneko ngakhale masamba a maungu amagulitsa, achimwene. Muuzeni mlamu wanuyo kuti akakwiya asamamenye chitseko, n'cha landilodi."

Sindinafunikire pensulo. Pa 15, boma litatengapo zake, landilodi zake, wamakala zake, ndikanatsala ndi zochepa kuposa zimene ndinali nazo, dimba palibe, ndiponso malonda a nthochi a mayi a kunyumba atafa, chifukwa alimi awo anali kuno. Pa 18 zikanatheka, movutikira. Ndipo kuti ndikayese mwayi wa 18 umene ndauzidwa kale kuti si wanga, ndinayenera kunamiza bwana, kenako kampaniyo n'kumuimbira foni kufunsa za khalidwe langa.

Wani koloko ndinaimba ndine, ndi mayunitsi anga.

"Mayi, ndaganiza. Pansi pa 18 sindingasamutse banja. Ngati mukuona kuti eni ake angafike pamenepo kwa munthu wopanda dipuloma, Lachinayi ndibwera, zivute zitani. Ngati ayi, ndisatseke malo a wina."

"Dikirani ndiwafunse, osatchula dzina lanu."

Anaimba patatha theka la ola. Anati afika pa 16, osapitirira.

"Ndiye ndithokoze, mayi. Mapepala angawo asapite."

"Sapita. Ndiwasunge kuno, mwina kudzabwera ina?"

"Asungeni."

Ina sinabwere, kapena inabwera koma sanandikumbuke. Sindinamvenso mawu a mayi uja, ndipo nkhope yake sindinaionepo. Lachinayi limenelo ndinakweza malole asanu, bwana anadutsa n'kundigwedezera mutu monga mwa masiku onse, osadziwa kanthu. Nyumba ija tinakhalamo zaka zina zisanu, mpaka ana awiri atamaliza sekondale.

Sindinena kuti ndinasankha bwino. Masiku ena, makamaka bwana akandilankhula ngati mwana pamaso pa anthu anga, ndinkawerenganso: 16 ija ikanakwera chaka chotsatira, kompyuta ndikanaiphunzira, mwina lero ndikanakhala wina. Munthu amene sanafunse akanapita, ndipo ena opita chomwecho zimawayendera. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinakana chinthu ndikuchiona, ndi nambala zake, osati mphekesera. Ndipo ndinadabwa kuti munthu wa mu ofesi ungamufunse za ndalama iye n'kukuyankha ngati wafunsa njira ya ku chipatala. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti ndalama za mabwana zimatuluka pokhapokha wagwedeza windo.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunasokonekera mapepala a lole ina, ndipo bwana anandituma ku Limbe kuti ndikawongole. Nyumba yosungira tiyi imene tinafikira inali ndi woyang'anira watsopano, amene anayamba mu Malichi. Sindingalumbire kuti inali ntchito yomwe ija, koma zonse zinkagwirizana. Anali bambo wa msinkhu wanga, wa nsapato zopukutidwa bwino, kolala ya shati yotembenuzidwa kwa telala. Tinakangana za matumba awiri amene iye ankati afika onyowa, ine n'kumati ananyowera kwa iye. Ankaidziwa ntchito, ndivomere. Titagwirizana anandiperekeza mpaka pa geti, n'kundifunsa ngati n'zoona kuti ku esiteti nyumba ndi zaulere.

Ndinati n'zoona.

"Ndi madzi omwe?"

"Ndi nkhuni."

Anagwedeza mutu, akuyang'ana lole yathu. Ndinaona kuti ali ndi funso lina, ndipo inenso ndinali ndi langa. Dalaivala analiza hutala, ndipo tinangogwirana chanza.